Dzina la pa Seguro

Belinha ankatongola chimanga pakhonde, mzere umodziumodzi, chala chachikulu chitafiira. Sankafulumira. M'nyumbamo munali a Alcides, bambo ake aakulu, ndipo iye sankafuna kulowa.

Malemu bambo ake, a Jordão, ankayendetsa lole ya kampani ina yogula nandolo ku Milange. Kampaniyo inkawalipirira seguro, inshuwalansi ya moyo. Polowa ntchito anali asanakwatire, atangobwera kumene kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Atafunsidwa woti adzalandire ndalamazo iwo akadzamwalira, anatchula mkulu wawo, a Alcides, amene anawalera kumsasako. Kenaka anakwatira, Belinha anabadwa, za dzinalo anaiwala.

Atayamba kudwala anapita kwa notario, mlembi wa zamalamulo, kukalemba testamento, kalata yogawira chuma chamasiye: zonse kwa mkazi wawo Ermelinda ndi mwana. "Ndakonza zonse," ankatero. "Uyu adzakaphunzira unamwino ku Quelimane."

Koma atamwalira, a Ermelinda atapita ku seguro, kalaliki anapukusa mutu. "Mayi, testamento imagawa katundu wa malemu. Seguro si katundu wawo, imapita kwa amene anamulemba kuno. Akanasintha dzinali, kapena kuitchula seguroyo mu testamentomo." A Ermelinda anatsala ndi nyumba ndi kapenshoni ka mkazi wamasiye, komwe lamulo limapereka lokha. Kankakwanira sopo ndi mchere basi.

Mawu a m'nyumba ankamveka bwino pakhondepo.

"Alamu, chiliza chatha," anatero a Alcides. "Matailosi ndinakagula ku Muloza, chithunzi chake chili pagalasi. Manda onse aja palibe china chotero. Loweruka tikachionetsa, inu mufulule thobwa."

"Zikomo, alamu," anayankha a Ermelinda. "Nanga za mwanayu? Kulembetsa akutseka mwezi uno."

"Aa, sukulu sithawa. Ndalama zotsala ndaika ku njinga zamoto, anyamata akunyamula anthu kumalire. Zikabereka tidzaona." Anaseka. "Komanso nkhuku ya mazira ngati uyu, wosatha kupereka moni, angabaye munthu jekeseni? Belinha! Bwera uthokoze."

Belinha anaika lichero pansi, nalowa, nagwada pafupi ndi chitseko monga anaphunzitsidwira. Mayi ake anamuyang'ana ndi maso oti usayerekeze.

"Wamva zimene ndawachitira bambo ako?"

"Ndamva."

"Ndiye?"

Belinha anayang'ana nsapato zatsopano za a Alcides, mawu n'kutuluka otsika.

"Bambo aakulu, ndalamazo ndi zanu, boma latero, ife sitikutsutsa. Koma tsiku lija kwa notario ndinu munawagwira mkono pokwera masitepe. Munawamva akunena za Quelimane. Munkadziwa kuti ku seguro kuli dzina lanu, simunawakumbutse. Bambo anamwalira akuganiza kuti andisiyira sukulu. Loweruka ine sindipita kukaimba nyimbo pa matailosi amenewo. Anthu akakafunsa kuti mwana ali kuti, mukawauze nokha."