Manambala Ometa

Aphunzitsi a Filimoni Mvula anali munthu wabwino, koma wamtima wapachala. Akamva liwu limodzi, ena onse ankadzimalizira okha.

Tsiku lotsekera temu, pa sukulu ina ya ku Pembamoyo, zotsatira za Giredi 9 zinamatidwa pakhoma. Woyamba anali Miracle, avereji 74.6. Wachiwiri anali Elinata, nayenso 74.6. Mphoto inali imodzi yokha, nyale ya sola yowerengera, ndipo inapita kwa Miracle.

A Mvula anapsa mtima. Elinata anali mwana amene ankamunyadira kwambiri, ndipo Miracle anali mwana wa mchimwene wa Mayi Fainesi Zulu, mphunzitsi amene ankalowetsa malikisi mu kompyuta ya sukulu. Mayiyo ndi amene anawalandira a Mvula atangofika kumene kuchokera ku Chipata, n'kuwabwereka mpaka mbaula. Koma zonsezo tsikulo anaziiwala.

“Madamu, manambala aja mwawatani?” anafunsa motero atakumana nawo pakhonde.

“Ndangowameta pang'ono kuti aoneke bwino papepala,” anayankha Mayi Zulu, akuthamangira basi ya ku boma.

Kumeta! Liwu limenelo linawakwanira a Mvula. Madzulo omwewo anauza amayi ake a Elinata kuti mwana wawo wametedwa malikisi. Pomafika Loweruka, nkhani inali itazungulira msika wonse wa Chadiza, ndipo inali itanenepa: akuti madamu amagulitsa mapozishoni.

Sukulu itatsegulidwa, Mayi Zulu anaitanira a Mvula mu ofesi. Sanakalipe, ndipo a Mvula akanakonda akanakalipa.

“Khalani apa, sala. Mbewa ya kompyutayi gwirani nokha, mungadzati ndasinthanso.”

A Mvula anasankha mzere wa ma avereji monga anauzidwira, n'kudina kabatani kowonjezera manambala a kumapeto kwa kadontho. Pomwepo 74.6 wa Miracle anasanduka 74.63, ndipo wa Elinata 74.56. Atadinanso, kunatuluka 74.625 ndi 74.563.

“Kumeta kwanga n'kumeneko,” anatero mayiwo. “Ndinauza kompyuta kuti izionetsa nambala imodzi yokha pambuyo pa kadontho. Imafupikitsa zimene diso likuona basi. Nambala yeniyeni ili m'kati yathunthu, ndipo pozishoni imawerengedwa kuchokera pa yathunthuyo. Munthu akameta, mutu umakhala womwewo, si choncho?”

A Mvula anayesa kugwira kanthambi komaliza. “Nanga kusiyanako kwachokera kuti?”

“Maphunziro ndi asanu ndi atatu. Miracle anapeza 597, Elinata 596 ndi theka. Onani pa sayansi.”

Sayansi linali phunziro la a Mvula. Theka limenelo anadula okha, ndi cholembera chawo chofiira, chifukwa Elinata anaiwala kulemba mayunitsi pa yankho lina. Analikumbukira bwino lomwe, pakuti tsikulo anadzitamanso kuti iwo sakondera ngakhale mwana amene amamukonda.

Manyazi anawagwira mpaka m'makutu munatentha. Anayang'ana mbewa ija ngati mwina ili ndi mawu oti iwabwereke.

“Pepani, madamu.”

“Ine ndine wamkulu, ndipirira. Kutchalitchi anandilanda kale bokosi la chopereka cha amayi, koma ndipirira. Kungoti mukanandifunsa kawiri, sala. Kawiri kokha.”

A Mvula anatuluka akudzilonjeza kuti akonza zinthu mwakachetechete. Adzapita kwa amayi a Elinata Lamlungu, adzanong'oneza awiri atatu kumsika, nkhani idzazirala yokha. Munthu wamanyazi amafuna njira yakuseri, ndipo iwo anali ataipeza kale.

Atalowa m'kalasi, ana anaimirira n'kupereka moni. Onse atakhala, Miracle anatsala chiimire. Anayenda mpaka kutsogolo, atanyamula kanthu kokulunga m'chitenje, n'kukaika patebulo ndi manja awiri. Inali nyale ija, ikadali m'katoni yake, yosatsegula.

“Sala, mum'patse Elinata. Anthu akuti n'naba. Atate akuti m'nyumba mwathu simulowa zinthu zakuba.”

Elinata anawerama, akukanda desiki ndi chikhadabo. Ana onse anali kuyang'ana a Mvula, kudikira kuti aphunzitsi awo olungama agamule.

A Mvula anatenga choko. Analemba pabolodi 74.625, pansi pake 74.563.

“Miracle, tenga nyale yako. Sunabe kanthu. Amene ananama ndine.”

Mtsikanayo sanaitenge. Anangowayang'ana, misozi ikulengeza m'maso.

“Ndiye mukawauze atate, sala. Ine sandikhulupiriranso.”