Thumba la M'kati mwa Jekete

Telala atalowa m'chipinda cha khoti, sanayambe ndi kuyang'ana oweruza atatu kapena kalaliki amene ankamuveka zomvera m'makutu. Maso ake anagwera pa jekete lotuwa la munthu wokhala pakati pa alonda awiri. Ntchito ya manja ako suiiwala.

Munthuyo anali mkulu wa asilikali amene pa nthawi ya nkhondo ankayang'anira chigawo chonse, kuphatikizapo kampu ya akaidi imene anaikhazikitsa mu fakitale yakale ya njerwa. Akaidi ankamutcha Bwana Kalilole, chifukwa sankadutsa pawindo osadziyang'anapo. Nkhondo inatha, mendulo anamuvula, koma matama anatsala. Lero anali atathira mafuta m'tsitsi, kansalu kali pathumba, ngati wabwera kudzafunsira mbeta.

M'khotimo telala analibe dzina. Ankamutchula kuti Mboni 14, ndipo katani inamubisa kwa anthu odzaonerera, kuopa anyamata a bwanayu amene akadali kunja. Atalumbira, mayi wozenga mlandu anaimirira.

"Munali msilikali?"

"Ayi. Mfuti sindinaigwirepo. Anandinyamula pashopu, tepi ili m'khosi."

"Anakuuzani chifukwa? Alipo anaunikapo za kusungidwa kwanu?"

"Palibe. Ankangofuna wowasokera mayunifolomu ulele."

Lamulo la nkhondo limati munthu wamba satsekeredwa pokhapokha ngati ali chiopsezo chenicheni, ndipo nkhani yake iziunikidwa kawirikawiri. Chiopsezo cha telala chinali sizasi. Koma iye sanabwere kudzanena zake. Anabwera chifukwa cha mng'ono wake, msilikali amene anaika mfuti pansi n'kukweza manja. Wotero sapalamula mlandu pongomenya nawo nkhondo. Amangotchula dzina, udindo, tsiku lobadwa ndi nambala yake, basi. Amasungidwa, kudyetsedwa, nkhondo ikatha abwerere kwawo. Mng'onoyo analembadi khadi lodziwitsa abale kuti wagwidwa ndipo ali moyo, khadilo linafika kwa mkazi wake. Patatha miyezi inayi anamuombera pabwalo la kampu pamodzi ndi anzake asanu ndi atatu, chifukwa chodandaula za chakudya. M'kaundula analembamo kuti ankathawa. Kuthawa kwanji manja ali omangidwa kumbuyo?

Sajeni amene anaombera anali ataweruzidwa kale. Analira kuti anachita kulamulidwa, oweruza anamuuza kuti lamulo loti uphe mkaidi silimuyeretsa womvera. Kwa Bwana Kalilole nkhani inali ina. Sanagwire mfuti, ndipo pepala losonyeza kuti analamula silinapezeke. Kuti amangidwe, pankafunika zitatu: kuti asilikaliwo anali m'manja mwake, kuti anadziwa kapena anali ndi chifukwa chodziwira, ndiponso kuti sanaletse kapena kulanga. Imfa ya mkaidi iliyonse yotere imayenera kufufuzidwa, manda n'kuikidwa chizindikiro. Iye sanachite chilichonse, ndipo chitetezo chake chonse chinali pa mawu amodzi, akuti kukampuko sanapondeko. Mwamuna amene ankagwedeza chigawo ndi chala, lero ankalumbira kuti anali wosaona ndi wosamva.

"Tsiku la kuomberako, woimbidwa mlanduyu anali kuti?" anafunsa mayi uja.

"M'chipinda changa chosokera. Ndinkamuyesa suti. Windo linali loyang'ana pabwalo. Mfuti zitalira manja anga ananjenjemera, iye n'kuti, 'Iwe, usandibaye ndi phini.' Anasuzumira panja, kenako anafunsa ngati mapewa akhala bwino."

Loya wa Bwana Kalilole anaimirira mwaulesi, akumwetulira. Anali katswiri wosandutsa misozi ya anthu kukhala bodza.

"Bambo, papita zaka zisanu ndi ziwiri. Mumadana naye munthuyu, si choncho?"

"Kwambiri."

"Ndiye khoti likhulupirire mawu a munthu wachidani? Suti mukuinenayo ili kuti?"

"Wavalayo."

Womasulira anazengereza asanapereke mawuwo. Bwana Kalilole anadzuka, nkhope ili gwaa.

"Bodza! Iyi ndinagula kunja! Kamunthu aka kangasoke chinthu chotere?"

Woweruza wamkulu anamulamula kuti akhale pansi. Loya wa bwanayo anatseka maso. Miyezi yonse anamuphunzitsa kukhala chete pa za mitembo, ndipo anakhoza, koma pa za suti pakamwa panakanika.

"Phewa lake lamanzere ndi lotsika, ndinaikamo thonje lowirikiza," anatero telala. "Ndipo amene anandiphunzitsa ntchito ankati chovala chilichonse uzisokereramo kansalu kolemba dzina la mwini ndi masiku omuyesa. Kali kuseri kwa thumba la m'kati. Masiku ndi atatu. Tsiku lachiwiri pa atatuwo ndi la kuomberako."

Kenako anatembenukira kwa kalaliki.

"Thumbalo musalidule. Mawa lake asilikali anandibweretsera malaya a ophedwa aja kuti ndizipukutira makina. Ndinasankha a mng'ono wanga. Nsalu ya thumbalo ndi imeneyo, nambala yake ya ukaidi ilipo."

Loya anatsutsa kuti umboni umenewu sanauzidwe pasadakhale. Mayi wozenga mlandu anayankha kuti za suti zinali m'chikalata cha mboni kuyambira kale, kungoti palibe anaganiza kuti munthu angakhale wopusa mpaka kuivala m'khoti. Oweruza ananong'onezana, kenako analamula kuti jekete liperekedwe kwa kalaliki, akatswiri aliunike, ndipo mbali yoteteza ipatsidwe masabata atatu okonzekera kuyankha. Bwana Kalilole anavula pamaso pa onse. Anatsala ndi shati yonyowa m'khwapa, phewa lina lili pendekete.

Chilungamo cha pambuyo pa nkhondo chimayenda ngati ngolo yophwa matayala. Chigamulo chinatuluka patatha chaka ndi theka. Inki ndi ulusi zinagwirizana ndi nthawiyo, nambala inagwirizana ndi ya pakhadi limene mlamu wake wa telala anasunga, ndipo buku la pageti ya kampu linasonyeza galimoto ya bwanayo pa masiku atatu omwewo. Oweruza anati anadziwa, sanafufuze, sanalange. Anamupatsa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anawerenganso mayina asanu ndi anayi, nanena kuti anthuwa sankathawa, anaphedwa ali akaidi. Telala analira pomwepo, mopanda manyazi.

Bwana Kalilole anapita kuselo ya bedi ndi bulangete, dokotala alipo, makalata akulandira. Malamulo amene ankapukutira nsapato ndi omwe ankamufunditsa tsopano, ndipo anadandaula kale kawiri kuti madzi osamba ndi ozizira. Za kumene anataya mitembo, anati sakukumbuka.

Telala atapempha thumba lija, kalaliki anati umboni sutuluka apilo isanathe. Inatenga zaka zina ziwiri, ndipo inakanidwa.

Tsiku limene telala anakatenga thumbalo, anapita molunjika kwa mlamu wake. Anamupeza akusita, khadi lija lili m'felemu pakhoma.

"Alamu, mwabwera nawo amuna anga?" anafunsa mayiyo.

Telala anatsegula envelopu n'kuika pathebulo kansalu kosaposa chikhatho, ka nambala yofufuma. Mlamu anazimitsa simbi, nakanyamula ndi manja awiri.

"Uzani abale," anatero. "Maliro tiika Loweruka."