Jakisoni wa Alamu

"Chotsa mpangowo kukamwa," anatero Atelala, mapini ali pamlomo. "Diresi la ukwati sitiyesa munthu atadzibisa ngati wakuba."

Mzime, mwana wawo wotsiriza, anali ataima pagalasi la m'shopu, diresi lili lendelende m'mapewa. Anachotsa mpangowo pang'onopang'ono. Mapini onse anagwera pansi.

Mlomo wa m'mwamba unali wotupa, koma kutupako sinali nkhani. Mbali yakumanzere inali yotuwa ngati phulusa, ndipo kuchoka pamlomopo kukwera m'mbali mwa mphuno khungu linali mawangamawanga, pena pakuda, pena potuwa.

"Mayo ine! Wakumenya ndani?"

"Palibe, amayi. Ndi jakisoni wokulitsa milomo. Alamu andibaya m'mawa uno. Akuti ndi mphatso yawo ya ukwati, kuti ndidzaoneke bwino pazithunzi."

Alamuwo anali mchemwali wake wamkulu wa mkwati. Anali ndi saluni pafupi ndi msika, ndipo kuseri kwa saluniyo kunali kachipinda komwe ankavala khoti loyera. Banja lonse la mkwati linkawamvera. Akatsokomola pamsonkhano wa ukwati, ngakhale amalume ankakhala chete.

"Ukumva kuwawa?"

"Ngati andiika khala lamoto. Kukungowonjezereka."

"Imba foni. Ikweze mawu, ndimve ndekha."

Alamu anayankha uku makina oumitsa tsitsi akulira. "Aa, mlamu wanga, mantha! Milomo imatero tsiku loyamba. Ikapo madzi oundana, umwe ka mankhwala a mutu, ugone. Mawa udzandithokoza."

Atelala anadinikiza mlomo wa mwana wawo ndi chala. Mbali yabwino inatuwa n'kubwerera mwakale nthawi yomweyo. Mbali inayo sinasinthe, ndipo inali yozizira. Sanaphunzire za chipatala, koma analera ana, ndipo ankadziwa kuti thupi la munthu wamoyo silizizira chidutswa chimodzi.

"Vula diresi. Tiye."

Kuchipatala chaching'ono cha pafupi, nesi anangoyang'ana kamodzi, nkhope yake n'kusintha. Anati mankhwala ofunikawo iwo sasunga, ndipo anaimbira yekha dokotala wa khungu wa m'tauni. "Musapite kunyumba, musadikire mawa, ndipo madzi oundanawo musayerekeze. Kwerani takisi."

Dokotala wa khunguyo anali mayi wamfupi, wolankhula mwachangu. Anamugoneka Mzime, namuunika ndi tochi.

"Maso akuona bwino onse awiri? Palibe chifunga?"

"Akuona."

"Tithokoze pamenepo. Mankhwala atseka mtsempha wa magazi. Khungu ili silikudya, ndipo tikachedwa lifa. Anakubayani mankhwala anji?"

Mzime anayang'ana amayi ake. "Okulitsa milomo."

"Dzina lake?"

"Sindinafunse."

"Bokosi munaliona? Analitsegula inu mukuona?"

"Sirinji inali kale pathebulo."

"Amene anakubayaniyo ndi dokotala kapena nesi? Ali m'kaundula wa bungwe la azachipatala?"

"Amavala khoti loyera."

"Ngakhale wogulitsa nyama amavala khoti loyera, mwanangu. Anakufunsani ngati muli ndi pakati, ngati mumamwa mankhwala ena, ngati pali chomwe thupi lanu limadana nacho? Anakuuzani zomwe zingalakwike, ndi yemwe mungamuimbire?"

Mzime anayamba kulira. "Ndi alamu anga. Inali mphatso. Ndikanafunsa bwanji? Akanati sindikuwakhulupirira, ukwati usanachitike n'komwe."

Atelala ndiwo anamuphunzitsa mwanayu kuti kwa eni mwamuna munthu amalandira ndi manja awiri, satembenuza mphatso kuti aone kunsi. Anamuphunzitsa bwino zedi.

Dokotala anali atavala kale magolovesi. "Mverani, mayi. Mankhwala a milomo alipo mitundu. Ena amasungunuka tikabaya mankhwala awa ndagwirawa. Ena sasungunuka, ngakhale titapemphera. Ine ndiyamba kubaya pompano, sindingadikire. Inu thamangani mukanditengere bokosi, botolo, chilichonse cholembedwa. Ndidziwe chomwe ndikulimbana nacho."

Atelala anali asanalowepo m'saluni ya Alamu. Anapeza amayi atatu pabenchi, wina mutu uli m'makina, wina akuseka ndi foni. Fungo la mankhwala a tsitsi linawalandira pakhomo. Sanapereke moni. Anakankha katani yakuseri.

Kachipindako kanali ndi bedi limodzi, thebulo la pulasitiki ndi kafiriji. Pabedipo panagona asewere awo, amayi ake a mkwati, maso ali psii, Alamu atawerama pa iwo ndi sirinji m'manja.

"Asewere! Inunso?"

"Aa, asewere, takulandirani," anatero mayiwo osadzuka. "Mwana akuti andichotse timizere ta m'mbali mwa kamwa. Nanga pazithunzi ndioneke ngati agogo ake a mkwati?"

"Dzukani."

"Amayi, muli odwala muno, simungangolowa," anatero Alamu.

"Wodwala ali kuchipatala, ndi mwana wanga. Mlomo wake ukufa. Ndipatseni bokosi la mankhwala omwe mwamubaya."

"Ndamuuza kale kuti aikepo madzi oundana."

"Bokosi."

Alamu anaseka kaseko kowuma. "Amabwera opanda bokosi. Bokosi ndi lomwe limakweza mtengo. Ndimaoda kwa mnzanga wa pafoni, amatumiza ambiri pamodzi."

Anatsegula kafiriji. Munali botolo la madzi akumwa, mbale ya chakudya chamasana, ndi thumba la pulasitiki lodzaza masirinji, onse opanda dzina, opanda tsiku, opanda kalembo ngakhale kamodzi.

"Ya Mzime ndi iti?"

Alamu anangoyang'ana yomwe inali m'manja mwawo.

"Imeneyo?"

"Inatsala theka. Singano ndasintha, amayi. Singano ndimasintha nthawi zonse."

Asewere anadzuka ngati bedi lawatentha. "Iwe! Umafuna undibaye zotsala za munthu? Ine amayi ako?"

Amayi a pabenchi aja anali atafika pakatani, wina ndi thaulo kumutu. Atelala anadziwa kuti mawu otsatira akhoza kugwedeza ukwati wonse. Anawalankhula basi.

"Munaphunzira kuti kubaya anthu kumaso?"

"Ndili ndi satifiketi." Analoza kukhoma, komwe kunali pepala lokongola la m'mbali mwa golide.

"Anakuphunzitsani ndani?"

"Kunabwera munthu kuhotela, kumapeto kwa sabata."

"Muli m'kaundula wa madokotala kapena manesi?"

"Izi si za chipatala, amayi, ndi za kukongola."

"Mankhwala osungunulira muli nawo, zinthu zikalakwika?"

"Sizinalakwikepo."

"Muli nawo?"

Kenako wa thaulo uja anati, "Ine munandiuza kuti ndinu nesi." Wina anati, "Ine ndimabwera mawa ndi mwana wanga." Asewere anagwira kukamwa kwawo ndi manja onse, ngati kuti mlomo uwathawa.

Atelala anang'amba pepala la thishu, nalanda sirinjiyo, naikulunga. Alamu anati, "Amayi, ndimamukonda Mzime. Ndimafuna akongole."

"Ndikudziwa. Mukanamuda, bwenzi atakufunsani mafunso."

Atabwerera, anapeza dokotala wabaya kale kangapo, nesi akuika nsalu yofunda pankhope ya Mzime n'kumasisita. Anapereka sirinjiyo, nafotokoza za thumba la m'kafiriji ndi za kugawana sirinji. Dokotala anaitembenuza sirinji ija mbali zonse, naiika pansi.

"Palibe dzina. Ndiye kuti tikuyenda mumdima. Tipitiriza kubaya, thupi lake litiuze."

Anapitiriza. Ankabaya, kudikira, kudinikiza khungu ndi chala, kubayanso. Atelala anakhala pampando wa pakona, chikwama chili pamiyendo. Asewere anafika mochedwa, atavala nsapato zosiyana, nakhala pambali pawo.

"Ine ndinangofunsa ngati zimawawa," ananong'ona asewere.

"Nonse munangofunsa zomwezo."

Dzuwa likupendeka, dokotala anawaitana. Anadinikiza mlomo, ndipo mtundu unabwerera, mwaulesi koma unabwerera. Anadinikiza m'mbali mwa mphuno. Pamenepo panakhalabe pakuda.

"Mlomo taupulumutsa. Mwayi wake, mankhwalawo ndi osungunuka. Apa pamphuno tachedwa. Patuluka chilonda, ndipo chidzasiya chipsera. Abwerenso mawa m'mawa, ndi masiku otsatira. Za sirinji yogawana ija, pafunika kuyeza magazi, lero komanso pakapita miyezi, chifukwa sitikudziwa amene anabayidwa nayo iye asanafike. Ndipo nkhaniyi ndikaipereka ku bungwe. Thumba lija lisabayenso munthu."

Asewere anatsegula pakamwa kuti apepesere mwana wawo, koma anayang'ana nkhope ya Mzime n'kutsekanso.

Ukwati anausuntha. Mkwati ankabwera tsiku lililonse kudzamuperekeza Mzime kokatsuka chilonda, akuyenda pakati pa mchemwali wake ndi bwenzi lake ngati munthu woponda magalasi osweka. Chipsera chinatsala, chaching'ono ngati chikhadabo cha mwana, ndipo Mzime amachigwira akamaganiza. Magazi anapezeka bwino. Alamu ndi Atelala amapatsana moni, moni basi.

Tsono inu, nkhope ndi yanu, ndipo sindikukuletsani kuikongoletsa. Koma musanapangane tsiku, funsani dzina la munthuyo, mukalione nokha m'kaundula wa bungwe la azachipatala, osati pakhoma pake. Funsani dzina la mankhwala, ngati amasungunuka, ndipo bokosi alitsegule inu mukuona, tsiku lake lisanathe, sirinji ikhale yanu nokha. Akapanda kukufunsani za thupi lanu, nyamukani. Mufunseni kuti zikalakwika achita chiyani, mankhwala ake ali kuti, ndipo muimbira ndani. Kenako pitani kwanu mukaganize, musabayitse tsiku lomwelo. Akakwiya ndi mafunso, akwiye. Kaya ndi mnzanu wa kutchalitchi, kaya mlamu, kaya mwana wobala nokha, chonde funsani.