Mzere Umene Unaduka pa Chithunzi

Kwawo ankamutchula kuti Kakyuleta, chifukwa masamu ankangowabwira ngati shuga. Ntchito yake inali yokonza mafoni m'kashopu kopanikizika pakati pa malo ometera ndi malo osewerera pulu. Ntchito yake ina, imene palibe anamulemba, inali yovutitsa achemwali ake. Ndi yemweyu amene anawasinthira kaliridwe ka foni n'kuikamo mbuzi, mbuziyo n'kulira pakati pa msonkhano wa makolo.

Achemwaliwo anasiya sukulu kalekale, mayi awo atadwala, kuti alere Kakyuleta yemweyu. Anadzabwereranso m'kalasi ali ndi ana awiri, ndipo tsopano anali kumapeto kwa maphunziro a uphunzitsi. Chinatsala n'chimodzi: mayi woyesa wochokera ku koleji adzawaonere akuphunzitsa. Ulendo woyamba analephera, mawu anawathera pakamwa. Uno unali wachiwiri. Akalepheranso, chaka chonse kubwereza.

Litatsala tsiku limodzi, masana, Kakyuleta ali pa pulu, foni inalira. Chinali chithunzi cha tchati chimene achemwali analemba okha n'kuchiyala pansi. Tebulo la manambala: kumanzere masiku amene mwana anajomba kusukulu, kumanja kuchuluka kwa ana amene anajomba masiku amenewo. Osajombako olo tsiku limodzi, ana 4. Tsiku limodzi, ana 8. Masiku awiri, ana 5. Masiku atatu, ana 5. Masiku anayi, ana 3.

Pansi pake uthenga: "Iwe, tandionera. Modi ndapeza 1, midiyani 2, mini 3. Zili bwino? Ndi za mawa."

Kakyuleta anatsamiritsa ndodo ya pulu paphewa, n'kuwerengera m'mutu. Modi, chiwerengero cha masiku chimene chili ndi ana ambiri: tsiku limodzi, ana 8. Zoona. Midiyani, mwana wapakati ukawandandalika onse: ana 25, wapakati ndi wa nambala 13. Anayi kuphatikiza 8 ndi 12, ndiye wa 13 wagwera pa masiku awiri. Zoonanso. Mini, ndiye kuti avereji: masiku kuchulukitsa ndi ana, mzere ndi mzere, 0, 8, 10, 15, 12. Zonse pamodzi 45. Kugawa ndi 25, yankho 1.8.

Koma diso lake linaona kanthu. M'munsi mwenimweni mwa chithunzi, pamene kamera inadulira, panali timitu ta manambala tikusuzumira, ngati ana pa mpanda. Mzere wina. Anauona ndithu, tisamukometsere.

"Aise, ukusewera kapena ukufunsira mkazi pafonipo?" anakuwa wometa woyandikana ndi shopu yake, amene ankapikisana naye.

"Aaa, ndi totali chabe imeneyo," Kakyuleta anadziuza yekha. Zala n'kuthamanga: "3?? Achemwali mwawerengera zala zakumapazi? Mini ndi 1.8. Musakatichititse manyazi." Anaikanso tinkhope toseka, titatu.

Kenako achemwali anayankha: "Ooo. Chabwino. Mwina ndasokoneza pogawa. Zikomo mwana wa amayi."

Gemu ija anapambana.

M'mawa mwake, akufufuta zithunzi kuti foni ipume, anachipezanso. Anachikulitsa ndi zala, mwachibwana chabe. Timitu tija tinakula. Kumanzere kamutu kozungulira, kumanja kamzere kogona ngati denga la 5. Ndiyeno totali yanji yokhala ndi nambala imodzi, ana ali 25?

Anaimba foni ya achemwali, yozimitsa. Anaimbira alamu ake.

"Alamu, tchati chija cha akazi anu, pansi penipeni panalembedwa chiyani?"

"Ine ndi masamu, alamu? Dikirani, pepala limene anayamba kulembapo lili pompano, mwana wajambulapo galimoto." Kunamveka kufwafwaza. "Eya. Masiku 9, ana 5. Akuti ndi ana aja anadwala chikuku. Bwanji?"

Kakyuleta anawerengera m'mutu. 9 kuchulukitsa ndi 5, 45. Kuphatikiza 45 ija, 90. Ana 30. Kugawa, 3. Yeniyeni, yopanda ngakhale kadontho.

"Alamu, muli pomwepo? Mkazi wanga sanadye dzulo, ankangobwereza masamu omwewo. Akuti mutu wake ndi wa nkhuku, koma mwamwayi ali ndi mlongo wanzeru. Walemba yankho lanu pa kakhadi."

Kakyuleta shopu anaisiya chitsegulire, n'kumuuza wometa kuti aziyang'anako. M'basi ankangodzuka n'kukhalanso, mpaka mayi wina anamufunsa ngati pampandopo pali misomali. Pa geti la sukulu mlonda anamutsekereza.

"Achimwene, kuli alendo lero. Mukufuna ndani?"

"Achemwali anga aiwala mankhwala." Bodza ndiye sankachita kulifunafuna.

Kalasi inali yakumapeto, pafupi ndi thanki ya madzi. Anaima pambali pa zenera losweka galasi limodzi. Ana anali phee, atavala nkhope za tsiku la alendo. Kumbuyo kunakhala mayi woyesa, magalasi pamphuno, cholembera m'manja. Kutsogolo achemwali, atavala bulawuzi imene anaisita kawiri. Tchati chili pakhoma, chathunthu, mzere wa 9 uli pansi pake bwinobwino.

Ndipo ankaphunzitsa bwino, amangwetu! Kakyuleta anali asanawaonepo chonchi.

"Modi si 8 ayi," ankatero. "8 ndi ana. Funso ndi lakuti, ana ambiriwo anajomba masiku angati?"

"Limodziii!"

Midiyani anaiyendanso bwino. Ana 30 alibe wapakati mmodzi, ndiye timatenga wa 15 ndi wa 16. Anawerenga motsetsereka ndi tebulo, 4, kenako 12, kenako 17. Onse awiri ali pa masiku awiri. Midiyani 2. Mayi woyesa anagwedeza mutu, n'kulemba kanthu.

Kakyuleta anapuma pang'ono. Mzere wodukawo sunakhudze modi, sunasunthe midiyani. Koma mini imamva mwana aliyense, makamaka amene ali kutali ndi anzake.

Achemwali anayamba kuchulukitsa pa bolodi, ana akuyankha. 0, 8, 10, 15, 12, 45. Kuwonkhetsa, 90. Kugawa ndi 30. Choko chinalemba chokha: 3.

Kenako anasuzumira pa kakhadi kali pa desiki.

Anayang'ana bolodi, anayang'ana khadi, anayang'ananso bolodi. Anawonkhetsanso ndi milomo, osatulutsa mawu. Kalasi inayamba kusuntha mapazi.

"Pepani ana inu," anatero, mawu atachepa. "Aphunzitsi alakwitsa penapake."

Anatenga chofufutira. 3 ija anaipukuta, osasiya ngakhale fumbi lake. N'kulemba 1. N'kuika kadontho.

Apa ndiye panamuvuta Kakyuleta. Akuwe kuti yankho lawo lija ndi lolondola? Ndiye kuti mayi woyesa adziwa kuti mphunzitsi amatenga mayankho pa foni kwa wokonza mafoni. Akhale chete? Ndiye 1.8 ikhala pa bolodi, pansi pa 90 ndi 30, aliyense akuona.

Anachita chimene ankachidziwa bwino. Anatseka mphuno n'kulira ngati mbuzi. Kamodzi, motsitsa.

Ana anaphulika kuseka. Achemwali anatembenuka, choko chili m'mwamba. Mbuzi imeneyo ankaidziwa. Anamuona pa zenera, thukuta lili kamukamu, atakweza zala zitatu. Dzanja linalo ankadziguguda nalo pachifuwa, kuvomera kulakwa. Ndine. Ndine.

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Maso amenewo anali oti Kakyuleta sanawaonepo, ngakhale tsiku la msonkhano wa makolo lija.

Kenako anatembenukira ana. "Chete. Mbuzi simunaionepo?" Anafufuta 1 ndi kadontho kake. "Tiyeni titsimikize. 30 kuchulukitsa ndi 3?"

"90!"

"Ndiye aphunzitsi analakwitsa?"

"Ayiii!"

Analembanso 3, yaikulu, choko mpaka kuthyoka. Anangoyamba kufotokoza mmene ana asanu odwala aja akokera mini m'mwamba pamene midiyani yangokhala pa 2, belu linalira. Ntchito yoti ana alembe sanaipereke.

Kakyuleta anabisala kuseri kwa thanki ana akutuluka. Ankamva mayi woyesa akulankhula pakhomo, mawu osakwera osatsika.

"Mini mwaipeza kawiri, mwaifufuta kamodzi. Phunziro simunalimalize. Ndakupatsani malikisi okhozera, koma apansi penipeni. Mukanapanda kugwira chofufutira chija, bwenzi tikukamba zina." Anakonza magalasi. "Komanso muwauze a hedi, pasukulu pano pali mbuzi yovala jinzi."

Achemwali anamupeza komweko kuthanki, tchati atachipinda kukhwapa. Iye anayamba ndi kuseka, monga mwa chizolowezi.

"Achemwali, mwakhoza! Chithunzi chija chinaduka, mzere wapansi sunaoneke, ndiye ine..."

"Unaona kuti chaduka?"

Bodza linali litafika kale pa lilime, lokonzeka, losita. Palibe akanalitsutsa. Anayang'ana choko chimene chinali pa bulawuzi ija, m'mene anapukutira manja.

"Ndinaona."

"Dzulo lomwelo?"

"Eee. Ndinali pa pulu."

Achemwali anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakalipe. Bola akanakalipa, akanamutchula mayina onse aja a ubwana, iye akanadziwa poyambira.

"Ndinawerengera mobwerezabwereza," anatero. "Nthawi zonse imabwera 3. Ndiye ndimati, koma mwana uja sangalakwitse."

Anamupatsa kakhadi kaja. "Tenga 1.8 yako."

Anamuperekeza mpaka pa geti, kumene mlonda anafunsa ngati mankhwala afika. Achemwali anati afika, n'kubwerera m'kalasi.

Sabata yotsatira alamu anabwera ku shopu ndi foni yosweka galasi. Ali chikhalire pa benchi anati, "Akazi anga ayamba mutu wina wa masamu, wa magirafu. Masiku ano amakhala pa tebulo okha, akuwerengera, akufufuta, akuwerengeranso."

"Akavutika anditumizire chithunzi," anatero Kakyuleta, maso ali pa timasikuluwu.

"Ndinawauza choncho. Akuti ayi, aona okha."

Kakyuleta anatsegula foni yake kuseri kwa kauntala. Uthenga womaliza unali womwe uja: zikomo mwana wa amayi. Pamwamba pake, tinkhope titatu tija tinali tikusekabe.