Chala pa Deti la Laisensi

Lolemba m'mawa a Metironi, mkulu wa anamwino pachipatala, anapeza makalata ofunsira ntchito ataunjikidwa pa desiki pawo. Analipo makumi anayi ndi atatu, malo ake amodzi okha. Chipatala chinkafuna namwino wa ku wodi ya ana, ndipo ntchitoyo inali ndi nyumba yake, ya zipinda ziwiri, kuseri kwa malo ochapira.

Bambo wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, amene aliyense ankangomutcha a Chidindo, anali atasefa kale.

"Mulu uwu ndi wa okwanira, uwo ndi wa ogwa," anatero a Chidindo. "Inu mungosayina, amayi, tiitane anthu ku mafunso Lachinayi."

"Ndisayine ndisanaone? Mwandiyesa chidindo chanu?"

A Chidindo anaseka natuluka. A Metironi anayala chilengezo cha ntchito kumanzere, cholembera chofiira kumanja. Zina zonse m'chilengezomo zinali zongokometsera, koma ziwiri anazilemba kuti wopanda izi asadzivute n'komwe: satifiketi yosonyeza kuti munthu analembedwa m'kaundula wa bungwe la anamwino, ndi laisensi yogwirira ntchito ya chaka chino. Kaundula umalowamo kamodzi ukamaliza sukulu. Laisensi ndiyo imatha chaka ndi chaka, ndipo saikonzanso ngati sunaonetse maola a maphunziro owonjezera. A Chidindo zimenezi ankazidziwa, koma iwo akangoona nambala ndi pepala lokhala ndi chizindikiro cha bungwe, ankachonga basi.

Kalata yachisanu ndi chinayi pa mulu wa okwanira inali ya mlamu wawo, mkazi wa malemu mchimwene wawo.

A Metironi anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Mlamu wawoyu anasiya ntchito zaka zinayi zapitazo, sitiroko itagwetsa mwamuna wake. Anamusambitsa, kumudyetsa ndi supuni, kumutembenuza maola awiri alionse, mpaka munthu analowa m'manda wopanda chilonda n'chimodzi chomwe pamsana. Tsopano kampani imene malemuyo ankagwirako ntchito inkafuna nyumba yake mwezi ukamatha. Mayi ndi ana atatu analibe kolowera.

Sivi yake, pepala lija la mbiri ya maphunziro ndi ntchito, inali yosalala. Zaka zisanu ndi zitatu ku wodi ya ana. Nambala ya kaundula ilipo, satifiketi yake ilipo. A Metironi anachonga. Pa mzere wa laisensi panangolembedwa kuti "ilipo," popanda chaka. Anatsegula fotokope ya laisensiyo. Dzina likuoneka, nambala ikuoneka, koma pakona pamene pamakhala deti lothera panali mdima wozungulira ngati dzira. Chala cha munthu.

Anatsegula kompyuta, analowa pa tsamba la bungwe, nalemba nambalayo. Makina sadziwa chibale. Dzina linatuluka, pambali pake mawu akuti laisensi inatha mphamvu zaka zitatu zapitazo.

Atasuzumira pakhonde anamuona mlamu wawo ali pa benchi ya odwala, chikwama pamiyendo, atavala nsapato zoyera za ntchito zopaka bwino.

"Alamu, talowani."

"Ndimangodutsa, alamu, ndati ndikupatseni moni."

"Munthu wongodutsa savala nsapato za kuwodi. Tsekani chitseko."

A Metironi anamutembenuzira fotokope ija, nagogoda pa mdimawo ndi cholembera.

"Chala ichi ndi cha ndani?"

"Makina a pa shopu paja amadetsa mapepala."

"Makina ali ndi chikhadabo?"

Mlamuyo anakhala pansi asanauzidwe. Anayang'ana pepala, anayang'ana khoma, kenaka mawu anangokhuthuka.

"Ndi changa. Nanga ndikanatani? Chaka choyamba ndinati ndikonza mwezi wamawa. Maphunziro awo aja amafuna munthu achoke pakhomo tsiku lonse. Achimwene anu ndikanawasiyira ndani? Inu munkabwera Lamlungu ndi malalanje, n'kumapita."

Mawuwo anawalasa a Metironi chifukwa anali oona.

"A Chidindo achonga kale," anapitiriza mlamuyo. "Sindikuti munamire aliyense. Mungotseka diso limodzi. Ndikalowa ntchito ndikonza mwakachetechete, palibe adzadziwe. Kodi manja anga mukuwakayikira? Mtsempha wa khanda ndimaupeza magetsi atazima, inu mukudziwa."

"Manja anu ndikuwadziwa. Mu mulu wonsewu mulibe wokuposani."

"Ndiye vuto n'chiyani?"

A Metironi anaona kuti n'zotheka ndithu. Kubweza kalatayo pamalo pake, kusayina, basi. Lachinayi mlamu wawo akanawagonjetsa onse, mwezi usanathe ana a mchimwene wawo akanagona kuseri kwa malo ochapira. Dzanja lawo linafika mpaka pa mulu wa okwanira. Koma anaonanso zina. Oyendera zipatala akabwera amayamba ndi mafayilo a anamwino, nambala ndi nambala. Ndipo ku wodi ya ana mwana amatha kumwalira ngakhale wachita zonse bwino. Tsiku limenelo funso loyamba lidzakhala lakuti anamubaya jakisoni ndani, laisensi yake ili kuti.

"Laisensi yotha amaikonza," anatero a Metironi. "Koma wogwira odwala wopanda laisensi, atabisanso deti dala, angathe kumufufuta m'kaundula. Mukafufutidwa, ngakhale nsapato izo mukagulitse. Ine amene ndasayina ndidzakutsatirani pambuyo. Ana adzadya kwa ndani, tonse awiri tili pakhomo?"

Anakoka foni, naimbira ku bungwe, mlamuyo akumva. Mayi wa kumeneko anayankha ngati akuwerenga pakhoma. Amene wakhala zaka zoposa zitatu osagwira ntchito sangangolembetsa n'kulandira laisensi. Ayambe wadzaza fomu yobwezeretsera, agwire miyezi itatu moyang'aniridwa pa chipatala chovomerezeka, woyang'anira alembe lipoti, ndiye bungwe lione.

"Palibe njira yachidule, mayi? Ntchito ikutsekedwa sabata ino."

"Ikanakhalapo bwenzi aliyense akudzera komweko," anatero mayiyo, nadula foni.

"Miyezi itatu," mlamuyo ananong'ona. "Ine ndatsala ndi masiku khumi ndi asanu ndi limodzi."

A Metironi anachotsa fotokope ya chala ija pa kalatayo, anaipinda, namupatsa m'manja.

"Iyi musadzaionetsenso munthu."

Pa sivi analemba ndi cholembera chofiira kuti laisensi inatha, naiika pa mulu wa ogwa. Mlamuyo anatsatira pepalalo ndi maso mpaka linatera.

"Achimwene anu akanakhala moyo..."

"Akanandilalatira, ndikudziwa. Tamverani. Chipatala chino n'chovomerezeka. Fomu mukapereke mawa. Akakulolani, miyezi itatuyo mudzagwirira pa wodi yanga. Lipoti adzalemba sisitala wamkulu wa wodi, osati ine, asadzati n'zachibale."

"Nanga nyumba?"

"Nyumba yapita, alamu. Ipita kwa wina wa mu mulu uwu."

"Ndiye ana ndiwaike m'chikwama?"

"Kwanga kuli pabalaza. Mipando tiitulutsa pakhonde."

"Anthu asanu ndi atatu, bafa imodzi? Amuna anu aja amadandaula ngakhale mphaka akalowa."

"Adandaule. Akatopa asiya."

Mlamuyo sanaseke, sanathokozenso. Anaimirira, anaponya fotokope m'chikwama, natsegula chitseko. Pakhomo anakumana ndi a Chidindo akubwera ndi kapu ya tiyi.

"Mwasayina, amayi?"

"Khalani pansi," anatero a Metironi. "Mulu wanu wa okwanirawu tiuyambirenso. Muziwerenga nambala, ine ndizilemba pa kompyuta."

Pawindo anamuona mlamu wawo ataima pa geti. Anawerama, anavula nsapato zoyera zija, anazikulunga m'pepala kuti zisade ndi fumbi, navala masilipasi. Kenaka anangoima pomwepo, osalowera kumanzere kapena kumanja.

"Nambala yoyamba, a Chidindo," anatero a Metironi.