Chiganizo Chimene Chinatsikira Pansi

A Mwambungu anamwalira Lachiwiri, anaikidwa Lachisanu kwawo ku Tukuyu, ndipo pofika Lolemba masilaidi awo anali m'kompyuta ya Atuganile.

Kabungwe kawo kanali ka anthu ochepa, ntchito yake kuyeza madzi a m'zitsime za m'midzi yozungulira Mbeya. A Mwambungu ndiwo ankayenda ndi timabotolo. Atuganile, amene anabwera pabungwepo atangomaliza yunivesite, ankakhala moyang'anizana nawo n'kumalowetsa manambala. Lachinayi la sabata imeneyo komiti ya zaumoyo ya khonsolo inkayenera kumva zimene malemuwo anapeza, kenako n'kusankha zitsime zoti zitsekedwe mvula isanayambe.

A Lyimo, mkulu wa bungwe, anaima kumbuyo kwa mpando wake atagwira kapu ya tiyi. Pa sikirini panali silaidi yodzaza ndi timalemba kuyambira pamwamba mpaka pansi, osasiya ndi pofikira ntchentche pomwe.

"Mulungu awalandire madala athu, koma iyi si silaidi, ndi nyuzipepala," anatero a Lyimo. "Makhansala akaona izi agona mandasi asanafike. Dulani, achemwali. Pakhoma pazikhala timawu tochepa, malemba akuluakulu. Zotsalazo muziike ku manotsi, ine ndizikawerenga pa laputopu polankhula."

"Zonse?"

"Zonse. Musataye kanthu, malemu angatidzukire."

Anaseka okha, kenako anakumbukira kuti dothi la kumanda linali lisanaume, nabwerera mu ofesi mwawo.

Kumaliro Atuganile sanalire. Anaimba nawo, anasenda nthochi zophikira alendo, anakwera basi yobwerera. Anthu anati mtsikanayu ndi wolimba mtima. Iye ankadziwa kuti si kulimba ayi. M'kati mwake munangoti zii, ngati chibwano chimene adokotala a mano achibaya jakisoni: ukachigwira umadziwa kuti ndi chako, koma sumva kanthu.

Ntchito yodulayo inamukomera, ndipo zimenezo anazionanso osamva manyazi. Inali ngati masewera a manambala amene ankakonda pa foni, aja oti nambala iliyonse ili ndi kabokosi kake kamodzi kokha. Ndime ya mizere khumi, iwe upeze timawu tinayi kapena tisanu timene tasenza yonseyo. Ukatipeza, ndime ija umaidula n'kukaimata m'kabokosi ka pansi pa silaidi, kamene anthu saona pakhoma koma wolankhula yekha amakaona pa laputopu yake.

A Mwambungu ankayamba ndime iliyonse ndi mawu akuti "Monga tonse tikudziwa", ngakhale pa zinthu zimene ankazidziwa iwo okha. "Monga tonse tikudziwa, ndipo amene sakudziwa adziwe lero, ng'ombe sisankha pochitira zake, choncho khola likakhala kumtunda kwa chitsime…" Zonsezo zinatsikira pansi. Pamwamba panatsala: "Makola atalikirane ndi zitsime." Silaidi ndi silaidi, munthu uja ankacheperachepera pakhoma n'kumachuluka m'tibokosi.

Imene inamuvuta ndi ya mudzi wa Ikombola. Zitsime zonse za kumeneko zinapezeka zabwino poziyeza chilimwe chino. Koma pakati pa ndime panali chiganizo ichi: "Chitsime cha pasukulu ya pulayimale, ngakhale chimaoneka bwino nthawi ya dzuwa, mvula ikagwa chimalandira madzi a m'zimbudzi za kumtunda kwake, ndipo ana asamwe mpaka chitakonzedwa." Atuganile anakumbukira tsiku limene malemuwo anabwera ndi matope mpaka m'mawondo. Anali atabwererako dzinja lathali osatumidwa ndi munthu, chifukwa malo a zimbudzizo sanawasangalatse.

Anayesa kuchifupikitsa. Chinkakana. Akachotsa mvula, zimbudzi zinkakhala zopanda mlandu. Akachotsa zimbudzi, mvula inkaoneka ngati mfiti. Akasiya zonse, malemba ankadzichepetsa okha kuti akwane, silaidi n'kuyambanso kufanana ndi nyuzipepala. Mapeto ake analemba kuti: "Ikombola: madzi abwino chilimwe chino." Munalibe bodza m'menemo. Chiganizo chija anachiika pamwamba penipeni pa manotsi, m'malemba akuluakulu.

"Bwana, pa Ikombola pali chiganizo choti musakachidumphe," anauza a Lyimo powapatsa fayilo.

"Chili ku manotsi?"

"Koyambirira kwenikweni."

"Ndiye chikandipeza chokha. Taonani mmene ikupumira silaidiyi. Mwaphunziradi inu."

A Lyimo manotsiwo sanawatsegule. Anati akawerengera komweko.

Holo ya khonsolo inkanunkha polishi ndi tiyi wa jinja. Pulojekita inkaponya kuwala pa bolodi loyera lolembapo, chifukwa chinsalu chake chinang'ambika kalekale. Patebulo lililonse panali mapepala a masilaidi onse, timasilaidi tating'onoting'ono tofoledwa patsamba. Atuganile anakhala kumbuyo, pafupi ndi mafulasiki.

A Lyimo anatulutsa laputopu yawo, koma Hashimu, woyang'anira makina a muholoyo, anapukusa mutu.

"Muno mumalowa ya khonsolo yokha, bwana. Laputopu yachilendo ayi, fulashi ayi. Chaka chatha munthu wina anatibweretsera kachilombo, tinalira tonse. Zanu ndatsegula kale, zija munatumiza dzulo pa foni."

Dzulo lake khonsolo inapempha kuti aliyense atumize masilaidi ake ngati PDF, ndipo a Lyimo anachita okha zimenezo, monyadira kuti sanafunse mwana aliyense. Fayilo ya mtundu umenewo, ukapanda kuiuza, imangotenga nkhope ya silaidi. Za m'tibokosi imazisiya.

A Lyimo anawerama pa laputopu ya khonsolo, nayendetsa chala m'mwamba ndi pansi.

"Mphwanga, kabokosi kapansi kali kuti?"

"Kabokosi kanji, bwana?"

"Ka manotsi. Tadinani penapake."

"Ndidine pati? Nsombayi mwabwera nayo yotumbula kale. Matumbo munawasiya kwanu."

Wapampando, Mayi Sichalwe, anagogoda tebulo ndi cholembera. A Lyimo anawongola tayi. Anali munthu wa misonkhano yambiri, sakanagwa ndi zazing'ono. Ankawerenga timawu ta pakhoma, n'kutibwereza pang'onopang'ono, n'kuwonjezera kuti "monga mukuonera". Masilaidi ankathamanga. Makhansala ankagwedeza mitu mokhutira.

"Izi ndiye zomveka," anatero khansala wina wa kapu yoluka. "Akanakhala malemu aja, bwenzi tikadali pa moni."

Holo inaseka. Atuganile anayang'ana nyerere zimene zinkayenda m'mbale ya shuga.

"Ikombola," anawerenga a Lyimo. "Madzi abwino chilimwe chino. Abwino, monga mukuonera." Anaima pang'ono, ngati munthu amene wafika pamsika n'kuiwala chimene anamutuma. Anayang'ana pansi pa sikirini pomwe panalibe kanthu. Kenako anati, "Tipitirire."

"Mlembi, Ikombola ichotseni pa zotseka," anatero Mayi Sichalwe.

Atuganile sanamve mantha, sanamvenso mkwiyo. Anangoona nambala imene yalowa m'kabokosi kosakhala kake, ndipo zotere sankatha kuzisiya. Dzanja lake linakwera.

"Ndinu ndani, mwana wanga?" anafunsa Mayi Sichalwe.

"Ndine amene ndinadula masilaidiwa, mayi. Pamenepa panali chiganizo china."

Anachinena chonse, mawu ndi mawu, ndi liwu lopanda mapiri ngati wolengeza mabasi pa siteji. Anali atachitembenuza kambirimbiri poyesa kuchifupikitsa, moti chinamukhala pakamwa.

Mayi Sichalwe anavundukula mapepala awo. "Zimenezo zili patsamba liti?"

"Palibe. Ndinaziika pansi, ku manotsi. Manotsi sanafike."

"Ndiye mwatipatsa chivundikiro, mphika mwasiya kunyumba?"

"Ee, mayi."

Mlembi, bambo wa magalasi okhuthala, anaika cholembera pansi. "Wapampando, ine ndimalemba zimene zaonetsedwa. Mapepalawa ndi amene timamata kumbuyo kwa maminitsi. Mukatseka chitsime cha sukulu, makolo abwera kudzafunsa, ine ndiwaonetsa pepala loti madzi abwino? Za pakamwa munthu amakana mawa."

"Wamva, mwana wanga? Zionetse."

Hashimu anatambasula manja. "PDF silembeka, mayi. Ndipo fulashi ayi."

Atuganile anapita kutsogolo. Pansi pa timawu take panali malo aakulu oyera, aja a Lyimo ankati silaidi ikupumira. Anatola cholembera chimene chinali pamphepete pa bolodi, nayamba kulemba m'kati mwa kuwalako, mthunzi wa dzanja lake ukutsogola. Malowo anakwana. Analemba chonse: sukulu, dzuwa, mvula, zimbudzi, ana. Atamaliza anaona kuti chinali cha mizere itatu yokha. Pansi pake analemba dzina la a Mwambungu ndi mwezi umene anakayeza.

Khansala wa kapu yoluka ankawerenga akugwedeza milomo.

"Mdzukulu wanga ali sitandade 2 pamenepo," anatero, osauza munthu aliyense.

Mlembi anadzuka, najambula bolodilo ndi foni yake, nakhalanso pansi.

"Chitsime cha pasukulu chitsekedwe mvula isanagwe," anatero Mayi Sichalwe. "Ana azitunga pa zinazo mpaka chikonzedwe. Mwalemba? A Lyimo, pali chinanso chimene chinatsala pansi?"

A Lyimo anayang'ana Atuganile. Iye anayenda m'mutu mwake silaidi ndi silaidi, kabokosi ndi kabokosi.

"Zinazo ndi zofotokozera chabe," anatero Atuganile.

"Ndi zimene ndimati ndinene," anatero a Lyimo. "Tipitirire."

Masilaidi otsala anadutsa pamwamba pa malemba ake. Pa za ng'ombe, chiganizocho chinalipo. Pa za mijigo yothyoka, chinalipo. Silaidi yomaliza inali ndi mawu amodzi, "Zikomo", ndipo pansi pake pankanenedwabe za zimbudzi.

Anthu atathamangira ku mandasi, Hashimu anazimitsa pulojekita natenga kansanza. Anapukuta, nalavulira pang'ono pa kansanzako, napukutanso. Kenako anatola cholembera chija, nawerenga pambali pake.

"Achemwali, mwandipha. Ichi n'cholembera pa makatoni, sichifufutika. Masana ano muno muli komiti ya misewu."

"Sipiriti amachotsa," anatero Atuganile.

"Sipiriti ndimutenga kuti ine?"

Atuganile anatembenuza dzanja lake. Anayang'ana inki yakuda imene inamudetsa m'mbali mwa dzanja, naitikita ndi chala, osachoka. Anagwira chibwano chake kuti amve ngati jakisoni uja wayamba kutha mphamvu. Anali asanayambe. Anakatenga tiyi wake n'kukhala pampando woyang'ana bolodi.