Nkhope Yokaonekera kwa Malume a Lufina

Nkhope yanga inali ngati mbatata yongokumba kumene. Mphepo ya ku Mlangeni inkaituwitsa mbuu, ndevu n'kumamera apa ndi apo. Koma Lufina, mtsikana woyimba kwaya kutchalitchi kwathu, anandilola ndithu. Chinatsala n'kukaonekera kwa malume ake, a Goliati, omwe mawu awo ndiwo ankamanga kapena kumasula ukwati.

Ndinapita kusitolo ya a Saiti pamsewu, munthu wosalala masaya ngati mwana. Anandigulitsa lezala ndi sopo wosambira, nandilangiza mwaulere. Anati ndiyambe ndasamba kumaso ndi madzi ofunda kuti ndevu zifewe, ndipake thovu, ndimete pang'onopang'ono motsata kumene ndevu zagonera. Ndikatha nditsukuluze ndi madzi ozizira, ndidzole mafuta pang'ono khungu lisanaumitsitse. Anawonjeza kuti nkhope sisintha tsiku limodzi.

Ine Dyton, mwana wa mayi anga, ndinaona kuti zimenezo n'zochedwetsa.

Loweruka ndinatenga mwala uja timakwechesera ming'alu ya kumapazi. Ndinati ngati umasalaza chidendene, tsaya ndi chiyani? Ndinakwecha mpaka kumaso kunayaka moto. Sopo wa a Saiti ndinamuona wofatsa, ndiye ndinapaka wochapira zovala. Kenako ndinameta mobwerera, kukwera ndevu, kubwereza pomwepo kuti pasatsale kanthu. Pomaliza ndinakhuthulira mafuta a nsatsi dzanja lonse. Ndinanyadira, chitsiru ine.

Lamulungu m'mawa, tsiku lokaonekeralo, galasi linandiuza zoona. Tiziphuphu tinali titatuluka kuyambira m'khosi mpaka m'masaya, tina tamutu woyera, nkhope itatupa, ikunyezimira. Ankhoswe anga, a Maynard, anati tisinthe tsiku. Ndinakana, poopa kuti kwa Lufina aziti ndathawa.

Chaka chimenecho nthomba inali itapha ana cha ku Kasinje, ndipo anthu anali ndi mantha. Titangofika pabwalo pa a Goliati, amayi apamudzipo anayamba kukokera ana m'nyumba. A Goliati anaima patali, ndodo ili m'manja.

"Imani pomwepo, bambo. Matenda amenewo musatilowetsere pakhomo pano."

Ndinalumbira kuti ndi lezala, ndi mwala, ndi sopo. A Maynard anandichitira umboni, koma akuseka. A Goliati anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ngati ndi nthomba, mutiphera ana. Ngati munadzikwecha nokha ndi mwala, Lufina sangakwatiwe ndi munthu wotero."

Ndinabwerera ndikulira, misozi ikuwawa m'zilondamo.

Nkhope itapola ndinayamba kuchita zimene a Saiti ananena, m'mawa uliwonse, mosathamanga. Zinagwira ntchito, sindinama. Pofika nthawi yokolola masaya anali see.

Mwezi womwewo Lufina anakwatiwa ndi Obed, mnyamata wa kuseri kwa phiri. Paukwatipo amayi ophika anandiyang'anayang'ana, nagwirizana kuti mwa anyamata onse wooneka bwino ndine. Anandipatsa ntchito yoperekera thobwa kwa akuchimuna.